Funso lachisanu ndi chinayi: mfundo zofunika polemba fomu ya chilolezo pa kafukufuku wa achinyamata oganiza zodzipha

Tiyerekeze kuti gulu la ochita kafukufuku likufuna kudziwa kukula kwa vuto la kuvutika maganizo pakati pa ophunzira a zaka 13 mpaka 17 m'masukulu a sekondale oyendera m'boma lina m'Malawi muno. Asankha kugwiritsa ntchito mafunso otchedwa PHQ-9, omwe alipo asanu ndi anayi. Funso lomaliza limafunsa ngati m'masabata awiri apitawa munthu wakhala akuganiza kuti kuli bwino atangofa, kapena kuganiza zodzivulaza. Mwa ana mazana amene afunsidwe, alipo ena amene ayankhe kuti inde, ndipo fomu ya chilolezo iyenera kulembedwa poganizira ana amenewo.

Mafomu ake amakhala awiri. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo omwewo amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho kholo kapena womulera amapereka chilolezo, mwana amapereka chivomerezo chake payekha, ndipo mafomu onse awiri amayenera kudutsa kukomiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena ya ku KUHeS. Mfundo zotsatirazi zikukhudza zimene zimalembedwa m'mafomuwo.

1. Musalembe fomu musanadziwe kumene mudzapite naye mwana woyankha kuti inde.

Walira mvula walira matope. Amene wafunsa mwana ngati akufuna kufa wasenza udindo wa yankho lake, ndipo udindowo amayenera kuukwaniritsa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndondomeko yothandizira mwana iyenera kulembedwa fomu isanalembedwe. Fomu imangofotokozera kholo ndi mwana zimene zakonzedwa kale.

Funso lachisanu ndi chinayi palokha silikwanira kuuza munthu kukula kwa ngozi. Limaphatikiza mwana amene nthawi zina amangolakalaka atagona osadzukanso ndi mwana amene wasankha kale tsiku. Onsewa angathe kuchonga bokosi limodzi. Choncho yankho lililonse loposa 0 liyenera kutsatidwa ndi kucheza kwapadera ndi munthu wophunzitsidwa, monga namwino wa matenda a maganizo kapena mlangizi, mwanayo asanachoke pamalopo. Ambiri amagwiritsa ntchito mafunso a C-SSRS pa kucheza kumeneku, chifukwa amasiyanitsa kulakalaka imfa, kuganiza zodzipha, kukhala ndi njira, kukhala ndi cholinga chochitadi, ndi kuyesapo kale.

Zotsatira za kuchezako zigawidwe patatu, ndipo gawo lililonse likhale ndi chochita chake cholembedwa. Mwana wolakalaka imfa koma wopanda maganizo odzipha amalandira uphungu, nambala zoimbira ndi tsiku lodzaonananso. Woganiza zodzipha koma wopanda njira kapena cholinga amakonzeredwa dongosolo lodzitetezera ndi kutumizidwa kuchipatala m'masiku ochepa, munthu wamkulu womukhulupirira atadziwitsidwa. Amene ali ndi njira ndi cholinga, kapena wayesapo posachedwa, sasiyidwa yekha ngakhale pang'ono, ndipo amaperekezedwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawu akuti "tidzamutumiza kwa akatswiri" ngosavuta kulemba. Koma akatswiri ake ati? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za m'maboma ntchitoyi nthawi zambiri imakhala pa anthu owerengeka. Wolemba fomu apite yekha kuchipatala chapafupi, adziwe amene adzalandire mwanayo, masiku amene amapezeka, ndi amene amagwira m'malo mwake akachokapo. Ndalama ya galimoto ya mwana ndi womuperekeza ikhale mu bajeti. Ngakhale nthawi yofunsira mafunso ndi nkhani ya moyo: kufunsa Lachisanu masana, chipatala chikuweruka, n'kudziikira msampha. Ndipo ngati ana akuyankha pa tabuleti, yankho la funso limeneli lizionekera kwa woyang'anira nthawi yomweyo, osati kudzalipeza patapita milungu iwiri pamene mukuwerengera zotsatira mu ofesi.

2. Musalonjeze chinsinsi chimene simudzasunga.

Chiganizo chakuti "zonse zimene utiuze zidzasungidwa mwachinsinsi" chimapezeka m'mafomu ambiri, ndipo pa kafukufuku wamtundu uwu ndi bodza. Mukudziwa kale kuti mwana akadzati wakonza zodzipha usiku uno mudzauza wina. Mukamubisira zimenezo poyamba, n'kudzaulula pambuyo, mwamuphunzitsa kuti kuuza wamkulu zakukhosi n'kudzipereka, ndipo ulendo wina adzangoti palibe.

Ena amayesa kukonza poonjezera kuti "pokhapokha ngati malamulo atatikakamiza" kapena "pokhapokha ngati pali chiopsezo." Mwana wa zaka 14 sangadziwe kuti chiopsezo chimayambira pati. Ndime yabwino imayankha mafunso anayi amene mwanayo ali nawo mumtima ngakhale sawafunsa: ndikanena chiyani mudzaulula, mudzauza yani, mudzamuuza zingati, ndipo ine ndidzadziwa musanaulule? Ingathe kulembedwa motere:

"Mayankho ako sitidzauza makolo ako, aphunzitsi kapena anzako. Koma pali zinthu zitatu zimene sitingasunge tokha: ukatiuza kuti ukufuna kudzipha kapena wayesapo posachedwa, ukatiuza kuti wina akukuchitira nkhanza, kapena ukatiuza kuti ukufuna kuvulaza munthu wina. Zikatero tidzayamba takambirana ndi iweyo. Tidzakufunsa munthu wamkulu amene umamukhulupirira, ndipo tidzamuuza iweyo uli pomwepo ngati ukufuna. Tidzauzanso namwino kapena dokotala amene akuthandize. Tidzangonena zokhazo zofunika kuti ukhale wotetezeka. Zina zonse zimene watiuza zidzakhalabe pakati pathu. Ngati tiona kuti moyo wako uli pangozi, tidzachita zimenezi ngakhale iwe utakana."

Chiganizo chomalizacho chimawawa kulemba, ndipo pamakhala chiyeso chochifewetsa. Chisiyeni momwemo. N'zoona kuti ana ena akachimva adzabisa maganizo awo, ndipo chiwerengero chimene kafukufuku apeze chidzatsikirapo. Umenewo ndi mtengo umene wofufuza ayenera kulipira ndi kuutchula mu lipoti lake. Kupeza chiwerengero cholondola mwa kunamiza mwana si sayansi yoti munthu n'kuinyadira.

Pali mantha ena amene fomu ya kuno siyenera kuwalumpha. Kwa zaka zambiri gawo 229 la malamulo a milandu lakhala likutchula kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo anthu akhala akumva za opulumuka amene anatengeredwa kukhoti. Mwana ndi kholo lake angaope kuti yankho lawo likathera kupolisi. Funsani woona za malamulo ndi komiti momwe lamulo lilili pa tsiku limene mukulemba, kenaka nenani poyera m'fomu kuti maganizo odzipha mudzapita nawo kwa azaumoyo. Nkhani ya nkhanza njosiyana, chifukwa lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limafuna kuti mwana wochitiridwa nkhanza atetezedwe, ndipo pamenepo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mwinanso apolisi, angalowepo. Kumene nkhani ziwirizi zimapita kusasakanizidwe m'chiganizo chimodzi.

Njira yothawira vutoli imene ena amaiganiza ndiyo kusalemba maina n'komwe. Pa mafunso ena njabwino. Pa funso ili ikutanthauza kuti mudzakhala ndi pepala lonena kuti mwana wina mwa makumi anayi a m'kalasimo akufuna kufa, inu osadziwa kuti ndi uti. Ine ndimaona kuti nambala yachinsinsi yolumikizidwa ndi dzina m'kaundula wotsekeredwa, amene amatsegulidwa ndi anthu awiri kapena atatu otchulidwa, ndiyo yoyenera, ndipo fomu inene kuti kaundulayo alipo.

3. Fomu ya kholo isakhale yoyamba kuulula mwana.

Ngati kafukufuku akutenga ana okhawo amene ananena kale kuti amaganiza zodzipha, kalata yopita kunyumba ndiyo kuulula kumene, ngakhale isanene zambiri. Bambo akawerenga mutu wakuti "Kafukufuku wa achinyamata ofuna kudzipha" pa pepala lokhala ndi dzina la mwana wawo, nkhani yatha. Pali njira ziwiri zoyenera. Mungaitane kalasi yonse, kuti kulandira kalata kusasonyeze kanthu za mwana aliyense. Kapena, ngati mukutenga ana ochokera kuchipatala, azaumoyo amene akuwathandiza ayambe akambirana ndi mwana ndi banja lake za vutolo, kafukufuku n'kubwera pambuyo.

Izi sizikutanthauza kubisira makolo. Mutu ungathe kukhala wofatsa, wonena za umoyo wa m'maganizo wa achinyamata, koma m'kati fomu inene mosapsatira kuti mwa mafunsowo muli okhudza maganizo odzipha. Kholo limene lidzatulukire zimenezi kuchokera kwa mwana litasaina kale lidzakhala ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Fomuyo iuzenso kholo chinthu chimene ambiri sachiyembekezera: "Simudzaona mayankho a mwana wanu. Tidzakudziwitsani inu, kapena wamkulu wina womusamalira, pokhapokha ngati taona kuti moyo wake uli pangozi." Popanda chiganizo chimenechi, mayi adzabwera mawa lake kudzafunsa kuti mwana wanga wakuuzani chiyani, ndipo wothandizira pa kafukufuku, polemekeza munthu wamkulu, adzayamba kufotokoza.

Nanga wosaina ndani? Ana ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali, amalume kapena mkulu wawo, makolo atamwalira kapena ali kutali kukafuna ganyu. Ndondomeko inene amene akuloledwa kusaina ngati womulera, ndipo m'fomu mukhale malo olemba ubale wake ndi mwanayo. Mphunzitsi wamkulu kapena a mfumu angalole kuti kafukufuku achitike pamalo pawo, koma sangavomere m'malo mwa banja. Kalata zakuti "amene sakufuna abweze pepalali" n'zosakwanira pano, chifukwa pepala losabwezedwa lingakhale lidakali m'chikwama cha mwana. Kwa womulera wosadziwa kuwerenga, fomu iwerengedwe yonse mokweza pamaso pa mboni yosakhala ya m'gulu lanu, iye n'kudinda chala.

Chovuta kwambiri ndi pamene kholo ndilo gwero la mavuto a mwana. Malangizo a CIOMS a 2016 amavomereza kuti komiti ingalole kafukufuku wina popanda chilolezo cha makolo ngati kuchipempha kungaike mwana pangozi, bola pakhale njira ina yomutetezera. Woganiza zimenezo ndi komiti, itapemphedwa molemba kafukufuku asanayambe. Si chinthu choti wofufuza n'kuchisankha yekha ali m'mudzi.

4. Mwana akakana wakana, ngakhale kholo litasaina.

Mwana woleredwa bwino kwathu kuno satsutsa wamkulu pamaso. Amayang'ana pansi n'kuti "chabwino." Choncho kukhala chete, kugwedeza mutu kapena kusaina msanga sizisonyeza kuti wavomera. Chivomerezo chipemphedwe kholo litatuluka, mphunzitsi palibe, ndipo wopempha asakhale munthu amene amalemba malikisi a mwanayo kapena kumupatsa mankhwala. Amene akana asaonekere kwa anzake: onse alowe m'chipindamo mmodzimmodzi ndi kukhalamo nthawi yofanana.

Funso lakuti "wamva?" lili ndi yankho limodzi lokha. M'malo mwake mwanayo abwereze m'mawu ake: Ukandiuza kuti ukufuna kudzipha, ine ndichita chiyani? Ukakana kulowa nawo, chikuchitikira n'chiyani kusukulu kuno? Ukatopa pakati pa mafunso, ungatani? Akalephera funso loyambalo, fotokozaninso, akalepherabe, asalowe. Mafunso atatuwa alembedwe pa fomu penipeni, ndi malo ochonga, kuti wothandizira wotopa asawadumphe.

Ufulu wosiya uli ndi malire amene ayenera kunenedwa. Mwana angasiye kafukufuku nthawi iliyonse, osapereka chifukwa, koma ngati wanena kale kuti moyo wake uli pangozi, kusiyako sikuimitsa thandizo. Mbali inayo njofunika chimodzimodzi: wokana kafukufuku alandirebe nambala zoimbira ndi njira yopezera uphungu.

5. Nenani zoopsa monga zilili, ndipo musadzitche chipatala.

Makolo, aphunzitsi, ngakhale ena a m'makomiti amafunsa ngati kufunsa mwana za kudzipha sikungamuike maganizowo m'mutu. Funsoli linayesedwa. Mu 2005 Madelyn Gould ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ophunzira 2,342 a m'masukulu a sekondale m'chigawo cha New York ku America. Gulu lina linafunsidwa za kudzipha, lina ayi, ndipo patapita masiku awiri ofunsidwawo sanapezeke ovutika maganizo kapena oganiza zodzipha kuposa anzawo. Fomu inganene zimenezi m'chiganizo chimodzi. Koma isafike ponena kuti palibe choopsa chilichonse. Mwana angalire, angakumbuke zowawa, ndipo chinsinsi chingatuluke ngakhale mutasamala.

Pa za phindu, lembani momveka kuti kafukufukuyu si chithandizo. Banja limene lasowa kolowera lingasaine poganiza kuti mwana wapeza dokotala womusamalira mpaka kalekale, pamene inu mukuchoka miyezi itatu ikatha. Nenani chimene mudzalipire, kaya ndi ulendo woyamba wa kuchipatala, ndi pamene thandizo lanu lidzathere. Ndalama yobwezera ya mayendedwe ikhale imene komiti yavomereza, ndipo iperekedwe ngakhale mwana atasiyira pakati, kuti asapirire mafunso omupweteka chifukwa choopa kuitaya.

6. Yesani fomu yanu pa mwana mmodzi wa m'maganizo musanaipereke kukomiti.

Tengani mtsikana wa zaka 15 wa Fomu 2, amene akukhala ndi azakhali ake. Azakhaliwo anasaina. Pa funso lachisanu ndi chinayi wachonga kuti pafupifupi tsiku lililonse. Pocheza ndi namwino waulula kuti anayesapo mwezi watha ndipo palibe amene akudziwa, kenaka akuti, "Koma chonde musawauze azakhali, andithamangitsa."

Namwinoyo ali ndi poimira ngati ndime ya chinsinsi inalembedwa bwino. Angathe kunena kuti, "Ukukumbuka zimene tinagwirizana poyamba paja? Nkhani iyi ndi imodzi mwa zitatu zija. Sindingaisunge ndekha, koma tisankhe limodzi woti timuuze." Mtsikanayo akutchula amayi ake aang'ono a mudzi woyandikana. Apa fomu ikuyesedwa: ngati inalemba kuti "tidzauza amene anasaina," namwino wamangika manja, ngati inalemba kuti "wamkulu womukhulupirira," njira ilipo, ndipo azakhali anauzidwiratu m'fomu yawo kuti zingatero. Chifukwa choopera azakhali chiyeneranso kufunsidwa modekha. Ngati ndi manyazi chabe, amayi aang'onowo angathandize kuwafikira bwino. Ngati pali kumenyedwa kapena kugwiriridwa, ndondomeko ya nkhanza ikuyamba kugwira ntchito.

Podikira amayi aang'ono, awiriwo akulemba dongosolo lodzitetezera la mtundu umene Barbara Stanley ndi Gregory Brown anakonza: zizindikiro zoti maganizo aja akubwera, zimene angachite payekha kuti mtima utsike, anthu ndi malo omuchotsa m'maganizowo, oti awauze zoona, azaumoyo ndi nambala zawo kuphatikizapo 116 ya Tithandizane, ndi kuchotsa pafupi zinthu zimene angadzivulaze nazo. Chomalizachi chimafuna munthu wamkulu wa pakhomo, n'chifukwa chake kusunga chinsinsi chonse sikungateteze mwanayu. Dongosololi si pangano lomulumbiritsa kuti sadzadzipha. Mapangano otero alibe umboni woti amateteza, ndipo asalowe m'fomu.

Amayi aang'ono atafika akuuzidwa za ngozi, za kuchipatala ndi zoyenera kuchotsa m'nyumba. Sakuuzidwa za chibwenzi chimene mtsikanayo anatchula pa funso lina. Tsiku lomwelo akuperekezedwa kuchipatala cha boma, nkhaniyo ikulembedwa ndi kutumizidwa kukomiti m'nthawi imene komitiyo inaika, ndipo wina wa m'gulu akudzamuonanso pa tsiku lolembedwa.

Tsopano sinthani zinthu pang'ono. Amayi aang'ono foni yawo yazima. Namwino wa kuchipatala ali kumaliro. Mtsikana wadzuka n'kuthawa m'chipindamo. Pamene ndondomeko yanu yasowa yankho, pamenepo fomu ikulonjeza chinthu chimene simunakonze.

7. Pepala lopita kunyumba nalo lingaulule.

Mwana ali ndi ufulu wolandira fomu yakeyake, koma pepala lotere likapezeka m'kope ndi mnzake wa pa desiki limodzi, mawa sukulu yonse yadziwa. Mufunseni ngati akufuna kulitenga kapena mumusungire, ndipo aliyense, wovomera ndi wokana yemwe, apatsidwe kakhadi kofanana ka nambala zothandiza kopanda mutu wa kafukufuku. M'fomu mukhalenso funso la njira yabwino yomupezera, chifukwa foni imene walemba kawirikawiri ndi ya bambo kapena ya mchimwene, ndipo uthenga umodzi wosasamala ungawononge zonse zimene munalonjeza pa mfundo yachiwiri ija.

Ngati kafukufuku ndi wa miyezi yambiri, ndime ya chinsinsi ibwerezedwe pakamwa pa kukumana kulikonse mafunso asanayambe, popeza mwana sangakumbuke mu Okutobala zimene anamva mu Malichi. Amene wakwanitsa zaka 18 kafukufuku ali m'kati asaine fomu ya akulu payekha, ndipo asankhenso yekha munthu woti adziwitsidwe pa ngozi. Kumapeto kwa mafomu onse awiri kukhale nambala ya wamkulu wa kafukufuku ndi ya komiti imene inavomereza. Inu amene mukulemba, imbani nambala iliyonse imene mwaika pa pepalalo, masana ndi usiku, musanalipereke m'manja mwa mwana.